Kalata Yokweza Mitengo: Mmene Mungalembere Imelo Yoti Kasitomala Asathawe

Banki yaikulu ya dziko lino itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi imene inkagulidwa pa K1,180 inafika pafupifupi K1,700. Masiku otsatirawo, maofesi, masukulu ndi mashopu analandira mauthenga ambirimbiri ochokera kwa anthu owagulitsa katundu. Ambiri mwa mauthengawo ankafanana kalembedwe. Ankayamba ndi kuthokoza kasitomala kwa mizere isanu, kenako n'kudandaula za mavuto a zachuma amene "tonse tikuwadziwa", ndipo kumapeto kwenikweni n'kunena kuti mitengo "yasinthidwa" kuyambira lero lomwe. Mtengo watsopanowo sunkatchulidwa. Munthu ankauona pa invoyisi.

Kasitomala wolandira uthenga wotere amakwiya, ndipo wamalonda amaganiza kuti chamukwiyitsa ndi mtengo. Kawirikawiri si choncho. Aliyense amene amagula shuga ndi sopo amadziwa kuti zinthu zimakwera. Chimene chimamupweteka n'kudzidzimutsidwa, komanso kukayikira kuti mwina mwapezerapo mwayi womudyera masuku pamutu. Imelo yokweza mitengo ili ndi ntchito yochotsa zinthu ziwiri zimenezi, ndipo ntchitoyo imayambira pa kakyuleta, munthu asanalembe liwu ndi limodzi lomwe.

Mu 1986, akatswiri atatu, Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita poimbira anthu mafoni ku Canada. Ankawafotokozera nkhani zazifupi za amalonda n'kuwafunsa ngati zimene wamalondayo wachita zili zachilungamo. Nkhani ina inali ya sitolo imene inkagulitsa mafosholo ochotsera chipale chofewa pa madola 15, koma kutacha m'mawa chipalecho chitagwa chambiri, inakweza mtengo kufika madola 20. Anthu 82 pa 100 alionse anati n'kupanda chilungamo. Nkhani ina inali ya wogulitsa ndiwo zamasamba amene anapikula letesi pa mtengo wokwera ndi masenti 30, nayenso n'kuwonjezera masenti 30 omwewo kwa ogula. Apa anthu 79 pa 100 alionse anati palibe cholakwika.

Tanthauzo lake n'lakuti ogula amalola wamalonda kuteteza phindu limene wakhala akupeza, koma salola kuti alikulitse chifukwa chakuti iwo ali pamavuto. Mukawaonetsa kuti mtengo wakwera potsatira ndalama zimene inuyo mukuwononga, amang'ung'udza koma amalipira. Akaganiza kuti mwangoona kuti alibe kothawira, amalipira lero n'kuyamba kufunafuna wina mawa.

Tiyerekeze kampani yaing'ono yosindikiza mabuku a malisiti, imene imagulitsa ku masukulu, zipatala zazing'ono ndi mashopu. Buku limodzi imagulitsa K5,000. Pa ndalama imeneyi, K2,500 imapita ku mapepala ndi inki, zimene zimachokera kunja. K1,500 ndi ya malipiro a antchito, lendi ndi magetsi. Yotsala, K1,000, ndiye phindu. Dola ikakwera ndi 44 peresenti, mapepala ndi inki zimachoka pa K2,500 kufika pa K3,600. Buku lija tsopano likudya K5,100 kulipanga, kutanthauza kuti mwini kampaniyo akapitiriza kugulitsa pa K5,000, ndiye kuti akupereka K100 ya m'thumba mwake pa buku lililonse.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amamva pa wailesi kuti 44 peresenti, iwonso n'kukweza zonse ndi 44 peresenti, buku n'kufika K7,200. Komatu lendi siinakwere ndi 44 peresenti, malipiro a antchito sanakwere, chimene chakwera ndi K1,100 ya mapepala ndi inki basi. Kuti phindu likhale mmene linalili, mtengo uyenera kufika K6,100, komwe ndi kukwera kwa 22 peresenti. Msungichuma wa sukulu nayenso ali ndi kakyuleta, ndipo amadziwa kuti wogwira ntchito pa makina salipidwa m'madola. Mukamulembera kuti mwakweza ndi 44 peresenti "chifukwa cha kugwa kwa kwacha", mwamuuza chifukwa chimene iye angathe kuchitsutsa yekha ali pampando, ndipo chilichonse chimene mudzamuuze pambuyo pake adzachikayikira.

Tinene kuti mwini kampani yathu wasankha K6,000, ndipo K100 yotsalayo waisenza yekha. Imelo yake kwa msungichuma wa sukulu imene imaoda mabuku 200 pa teremu ingakhale chonchi.

Mutu: Mtengo wa mabuku a malisiti ukwera kuyambira pa 1 Januwale 2024

Mayi Uje,

Ndakulemberani kuti ndikudziwitseni kuti kuyambira pa 1 Januwale 2024, buku limodzi la malisiti lidzakwera kuchoka pa K5,000 kufika pa K6,000. Pa oda yanu ya mabuku 200, mudzalipira K1,200,000 m'malo mwa K1,000,000. Mitengo yonseyi ndi yopanda VAT, monga mwa nthawi zonse.

Chakweza mtengo ndi mapepala ndi inki, zimene timagula kuchokera kunja. Pa buku lililonse, ziwirizi zakwera ndi K1,100 chichepetsereni mphamvu ya kwacha. Ife tawonjezera K1,000.

Kotesheni imene tinakupatsani mwezi watha sisintha. Komanso ngati mungaode ndi kulipira pasanafike pa 31 Disembala, tikugulitsani mabuku osaposa 200 pa mtengo wakale, chifukwa mapepala amene tinagula kale akadalipo.

Mtengo watsopanowu tiusunga mpaka kumapeto kwa Juni 2024. Ngati padzakhale kusintha kwina, tidzakudziwitsani kukadali masiku 30.

Tikudziwa kuti bajeti ya sukulu munaikonza kale, ndipo K200,000 si ndalama yochepa. Ngati mukufuna tikambirane za buku la masamba ochepa kapena zolipira kawiri, yankhani imelo ino kapena mundiimbire. Ndayikamonso kalata yosayinidwa ndi mndandanda wa mitengo yonse kuti muonetse komiti yanu.

Zikomo potigula zaka zonsezi.

Ine wanu,
Mwini kampani

Amalonda ambiri kuno amalemba makalata a ntchito m'Chingerezi, koma kaya mulemba m'chilankhulo chanji, mafupa a kalatayi ndi omwewa. Taonani pamene nkhani yowawa yaikidwa: pa mutu penipeni ndi m'chiganizo choyamba. Ife tinaleredwa kuti uthenga woipa suufikira pakhomo, umayamba walonjera, wafunsa za ana, kenako n'kumasula thumba la tambe. Pamaso ndi pamaso mwambo umenewu ndi wabwino. Pa imelo umabweretsa vuto, chifukwa munthu amawerenga pa foni ali pa mzere ku banki, amaona mizere iwiri yoyamba, akapeza kuti ndi zothokoza amatseka. Mwezi wa Januwale invoyisi ikafika amati simunamuuze, ndipo kumbali yake sakunama. Moni wa chiganizo chimodzi ngokwanira, mawu othokoza apite kumapeto, kumene samveka ngati mafuta odzoza munthu asanabayidwe jakisoni.

Taonaninso kuti kalatayi ikunena kuti mtengo "ukwera". Mawu ngati "kusintha", "kuunikanso" kapena "kukonzanso mitengo" sapusitsa aliyense. Palibe wamalonda amene analembapo kalata yaulemu chonchi pofuna kutsitsa mtengo. Amangoonetsa kuti wolembayo akuopa, ndipo kasitomala akanunkhiza mantha amadziwa kuti mtengowo ungathe kugwedezeka. N'chimodzimodzi ndi kupepesa kosalekeza. Kuvomereza kamodzi kuti ndalamayo ndi yolemera ndi ulemu. Kupepesa m'ndime iliyonse kumamveka ngati munthu amene walakwa, pamene inu simunabe kanthu.

Manambala ali m'makwacha, wakale ndi watsopano moyandikana, ndiponso awerengedwa pa oda yeniyeni ya munthuyo. Msungichuma safuna peresenti, amafuna ndalama imene akalembe pa pepala lopempha chilolezo kwa ahedi ndi komiti. Mukangoti "20 peresenti" mwamupatsa ntchito, ndipo akalakwitsa powerengera mudzakangana pa invoyisi. Za VAT nazonso zinenedwe poyera. Mitengo yakale ikakhala yopanda msonkho koma yatsopano n'kukhala ndi msonkho, kasitomala amaona ngati mwakweza kawiri.

Chifukwa chaperekedwa chimodzi, ndipo ndi choti munthu angathe kuchifufuza. Pali chiyeso cholemba mndandanda wautali: mafuta, magetsi, kusowa kwa ndalama zakunja, nkhondo za kumaiko akutali, mvula. Zifukwa zikachuluka zimafooketsana, zimamveka ngati munthu akusakasaka chonamizira. Pali chinanso chimene makampani akuluakulu amakonda, chakuti "takweza kuti tikutumikireni bwino koposa". Ngati palibe chatsopano chimene kasitomala adzachione ndi maso, musalembe zimenezi. Buku la malisiti la mu Januwale lidzakhala lofanana ndi la mu Okutobala, ndipo iye akudziwa.

Ndime ya mapepala akale ndi imene amalonda ambiri angatsutsane nane. M'kafukufuku wa ku Canada uja munalinso nkhani ya golosale imene inali ndi chiponde chokwanira miyezi ingapo, ndipo mwini wake atamva kuti mtengo wopikulira wakwera, anakweza nthawi yomweyo chiponde chimene chinali kale pa shelefu. Anthu 79 pa 100 alionse anati n'kupanda chilungamo. Wamalonda aliyense angayankhe kuti akagulitsa katundu wakale pa mtengo wakale, ndalama imene apeze sikwanira kukaoda wina, ndipo mpamba umatha akuona. Akunena zoona. Koma ogula saona choncho, ndipo kalata imalembedwera ogula. Njira ya pakati ndi imene ili m'kalata ija: mtengo wakale ukhalepo kwa nthawi yodziwika, pa katundu wa mlingo wodziwika, kwa amene alipire msanga. Malire a mabuku 200 ndi ofunika kwambiri. Mukapanda kuwaika, kasitomala wochenjera adzaoda mabuku a zaka ziwiri, n'kukumalizirani mapepala onse pa mtengo wotayitsa. Mawu akuti "ndi kulipira" nawonso ali ndi ntchito: ndalama yobwera mu Disembala ndi imene mukagulire mapepala atsopano asanakwerenso.

Za masiku 30 si lamulo la aliyense, ndi chizolowezi chabe cha malonda a pakati pa makampani, ndipo chimachokera pa mfundo yakuti maofesi ambiri amalipira pa mwezi. Sukulu imene imakonza bajeti pa teremu imafunika nthawi yotalikirapo. Ngati munasayinirana kontrakiti, iwerengeni musanalembe imelo, chifukwa mwina inanena kale nthawi yodziwitsana, kapena inamanga mtengo kwa chaka chonse, ndipo imelo singafafanize zimene munasayina. Lonjezo losunga mtengo mpaka Juni ndi limene limakhazika mtima wa kasitomala pansi kuposa mawu ena onse m'kalatamo, koma lilembeni pokhapokha mukutha kulisunga. M'dziko limene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kutsitsidwanso patangotha chaka ndi theka, miyezi itatu imene mungaisunge iposa chaka chimene mudzachiphwanye.

Kampani ya mafilimu ya Netflix ya ku America inaphunzira zimenezi movutikira. Mu Julayi 2011 inalengeza kuti anthu amene ankalipira madola 9.99 pa mwezi kuti azionera mafilimu pa intaneti komanso kulandira zimbale pa positi, azilipira ziwirizi padera, chilichonse madola 7.99. Wofuna zonse ziwiri anayenera kulipira madola 15.98, kukwera kwa 60 peresenti. Chilengezocho chinatsindika zakuti anthu apatsidwa mwayi wosankha ndiponso kuti zimbale zatchipa, pamene aliyense ankaona kuti bilu yake yakwera. Mu Sepitembala mkulu wa kampaniyo, Reed Hastings, analembera makasitomala kupepesa, n'kuvomereza kuti ambiri anaona kuti kampaniyo inalengeza nkhaniyi mopanda ulemu ndi modzikuza. M'miyezi itatu imeneyo, Netflix inataya makasitomala pafupifupi 800,000 ku America. Mu 2014 itafuna kukwezanso, inawonjezera dola imodzi yokha kwa olembetsa atsopano, ndipo akale inawauza kuti apitiriza kulipira mtengo wakale kwa zaka ziwiri. Phokoso la mu 2011 silinabwerenso.

Kalata yabwino ikhoza kuonongeka pa katumizidwe. Cholakwika chofala ndi kuika maadiresi a makasitomala onse pa Cc. Aliyense amaona mayina a anzake, opikisana nanu amapeza mndandanda wa makasitomala anu mwaulere, ndipo munthu mmodzi wokwiya akadina Reply All, imelo ija imasanduka msonkhano wokuimbani mlandu. Choipa kwambiri chimachitika ngati makasitomala anu salipira mofanana: amene amagula pa K5,000 akaona kuti mnzake ankagula pa K4,500, nkhani ya mapepala ndi inki imaiwalika. Bcc imabisa maadiresi, koma imakukakamizani kulemba kalata imodzi ya "okondedwa makasitomala onse", yopanda dzina ndiponso yopanda manambala a oda ya munthu. Ngati makasitomala ali makumi atatu kapena anayi, alembereni mmodzimmodzi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Akachuluka, pulogalamu ya Word ili ndi Mail Merge, imene imatenga dzina ndi mtengo wa aliyense pa tebulo la Excel n'kupanga kalata yakeyake. Dzitumizireni nokha kaye kuti muone ngati dzina ndi mtengo zagwera pamalo pake, chifukwa mzere umodzi ukasokonekera, aliyense amalandira mtengo wa mnzake.

Imeloyo ichoke pa adiresi ya munthu, osati ya noreply kapena ya ofesi imene palibe amaitsegula. Isayinidwe ndi mwini wake kapena bwana amene makasitomala amamudziwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya: kusiyira kalaliki wa maakaunti kuti alengeze zokweza mitengo n'kumuponya pamoto pa chiganizo chimene sanapange, ndipo kasitomala amaona kuti abwana abisala. Mitengo ilembedwe m'kati mwa imelo momwemo. PDF ikhale yongowonjezera, ya anthu amene ayenera kuisindikiza n'kuika m'faelo, chifukwa ambiri satsegula zomatidwa akamawerenga pa foni. Ndipo musatumize Lachisanu madzulo. Munthu amakhala ndi mkwiyo wake masiku awiri popanda womuyankha, Lolemba n'kudzuka atapeza kale kotesheni kwina.

Pali makasitomala ena amene sayenera kumva nkhaniyi koyamba pa imelo. Pa bizinesi iliyonse pamakhala anthu asanu kapena khumi amene amabweretsa gawo lalikulu la ndalama. Amenewa aimbireni foni kapena apitireni, imelo ibwere pambuyo ngati umboni wa zimene mwakambirana. Enanso ali ndi adiresi ya imelo koma amaitsegula kamodzi pa mwezi, moyo wawo wonse uli pa WhatsApp. Atumizireni uthenga waufupi kumeneko wonena mtengo ndi tsiku, n'kuwauza kuti zambiri zili pa imelo. Antchito anu, makamaka dalaivala wopereka katundu ndi wolandira alendo, auzidwe kalata isanatuluke. Kasitomala akafunsa dalaivala chifukwa chake mitengo yakwera, iye n'kuyankha kuti "kaya, mwina abwana akumanga nyumba", kalata yanu yonse yapita pachabe.

Mayankho akayamba kubwera, amene akukalipa asakuopseni kwambiri. Munthu wokalipa akufunabe kugula kwa inu, n'chifukwa chake wataya nthawi kulemba. Muyankheni tsiku lomwelo, mubwereze chifukwa chomwe chija osawonjezera zatsopano, ndipo mumupatse njira zimene munakonzeratu. Akapempha kuti mumutsitsire, musatsitse chabe. Mtengo utsike posinthana ndi kanthu: alipiriretu, aode zambiri, adzatenge yekha katundu, kapena atenge buku la masamba ochepa. Mukatsitsira munthu chifukwa choti wakuwa kwambiri, nkhani imamveka, pakuti asungichuma a masukulu amadziwana, ndipo amene analandira mtengo watsopano mwaulemu amadzaona kuti ulemu wawo wawalipitsa.

Oopsa ndi amene akhala chete. Ena sanaione imelo, ena aiona ndipo akusakasaka kwina. Pakatha sabata, imbirani amene sanayankhe, mungofunsa ngati uthenga unafika. Kenako muziyang'ana m'buku la maoda miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Sukulu imene inkaoda mabuku 200 ikaoda 50, ndiye kuti 150 enawo ikuyesa wosindikiza wina. Kasitomala amene sankafunsa kotesheni akayamba kuifuna yolembedwa, ndiye kuti akuiyerekeza ndi ena. Pamenepo foni imathandizabe, koma akangozolowera kwinako zimavuta kumubweza.

Ngakhale mulembe bwino chotani, ena achoka ndithu, ndipo masamu ake ndi bwino kuwadziwiratu kuti mtima usagwe n'kubweza mtengo sabata yoyamba. Kampani yathu ija ikamagulitsa mabuku 1,000 pa mwezi, inkapeza phindu la K1,000,000. Pa mtengo wa K6,000 phindu ndi K900 pa buku, ndipo ngakhale maoda atatsika kufika mabuku 900, ipezabe K810,000. Ikanaopa kulemba kalata n'kusiya mtengo pa K5,000, makasitomala onse akanakhalapo, koma ikanamataya K100,000 mwezi uliwonse mapepala akale atangotha.